Zikomo akachuluka pa ukwati: mawu ena othokozera ndi malo ake

Nkhoswe kapena malume akamalandira maiki kuti alankhule m'malo mwa banja, zikomo amakhala atagwira kale ntchito tsiku lonse. Woyendetsa mwambo wanena zikomo poletsa phokoso, operekera zakudya anena zikomo popempha njira pakati pa mipando, wolankhula aliyense wayamba ndi zikomo n'kutsirizanso ndi zikomo. Ndiye munthu akaima n'kunena kuti "zikomo amfumu, zikomo abusa, zikomo apongozi, zikomo ophika", m'holo simukhala amene wamva kuti wathokozedwa. Amayi amene analera mkwatibwi zaka zonsezi alandira mawu omwewo amene alandira mnyamata wosuntha mpando.

Mankhwala ake si kufunafuna mawu ozama a m'mabuku ayi. Funso loyamba n'lakuti munthuyo wapereka chiyani. Wina wapereka mwana wake, wina thukuta, wina ndalama, wina wangosiya ntchito zake n'kubwera. Aliyense mwa amenewa ali ndi mawu ake, ndipo mawu oyenera wina akhoza kunyoza mnzake.

Kuthokoza, kuyamika ndi kuyamikira

Awa ndiwo amalowa m'malo mwa zikomo mosavuta, koma salemera mofanana. Kuthokoza kumayenda paliponse: kwa amfumu, kwa anzanu a kuntchito, m'kalata yopita ku ofesi. Kuyamika kuli ndi kutentha kwake, kumamveka kochokera mumtima, ndipo anthu ambiri anakuzolowera m'mapemphero. N'chifukwa chake kumakhala bwino kwa Mulungu, kwa makolo ndi kwa achikulire amene anachita chinthu chosagulika. Mukayamika Mulungu poyamba, n'kuthokoza amfumu ndi abusa, kenako n'kubwereranso ku kuyamika pofika kwa makolo, omvera amamva okha pamene mawu akwera ndi pamene atsika.

Kuyamikira ndi kwina. Timayamikira chinthu chimene chachitika bwino: kaphikidwe, kayimbidwe ka kwaya, kakongoletsedwe ka holo. Kuyamikira kuli ndi kachiweruzo mkati mwake, ngati kuti wolankhulayo waona ntchitoyo ndipo wakhutira nayo. Kwa ophika ndi a komiti n'kokoma. Kwa apongozi sikuyenera, chifukwa mkamwini sayeza ntchito ya apongozi ake. "Tikuyamikira apongozi athu" amamveka ngati bwana akulankhula pa msonkhano wa antchito, pomwe "tikuwayamika apongozi athu" amamveka ngati mwana wagwada.

Kutamanda kusiyireni Mulungu. Amene amati "tikutamanda a wapampando wa komiti" wakweza munthu pamalo posakhala pake, ndipo akuluampingo amatukula nsidze.

Palinso kusiyana kwa nthawi kumene ambiri sakulabadira. "Tathokoza" amatseka nkhani: chinthu chachitika, talandira, tatha. Amakhala bwino pomaliza gawo, kapena polandira mphatso m'manja. "Tikuthokoza" amatsegula, amafuna kuti chifukwa chake chitsatire, monga "tikuthokoza amayi a Mvano potiphikira kuyambira dzulo". Koma "ndithokoze" ndi "ndikufuna kuthokoza", amene anthu amawakonda kwambiri pa maiki, amangolonjeza. Munthu akhoza kunena "ndithokoze" kakhumi n'kukhala pansi asanathokoze aliyense. Mugwiritseni ntchito kamodzi polowa, kenako thokozanidi.

Ulemu umagonanso pa kachilembo kakang'ono. Pa ukwati palibe "ndakuthokoza" wa munthu mmodzi, ngakhale wothokozedwayo akhale mng'ono wanu, ndi "takuthokozani". Kwa amfumu ndi apongozi, ambiri kuno ku Zomba amasankha kuwalankhula ngati sali pomwepo: "tikuwathokoza a Gulupu pokhala nafe". Kuwaloza mwachindunji ndi "inu" pagulu kumamveka kowuma pang'ono. Ndipo wolankhulira banja anene "ife", osati "ine", chifukwa mawuwo si ake yekha.

Mawu oyamba ndi "mwati-"

Apa ndiye pali chuma cha nkhaniyi. Chichewa chimathokoza kwambiri pongotchula chimene munthu wachita, popanda ngakhale zikomo: mwatithandiza, mwatilemekeza, mwatilerera, mwativeka, mwatichitira zazikulu. Mawu otere amaposa zikomo chifukwa wothokozedwayo amamva kuti ntchito yake inaoneka. Vuto lake n'lakuti aliyense amaululanso kanthu za banja lothokozalo, ndipo si zonse zoyenera kuululidwa pa maiki.

"Mwatilemekeza" ndi wa anthu amene mphatso yawo yayikulu ndi kubwera kwawo: amfumu, mlendo wolemekezeka, abwana a kuntchito, abale ochokera kutali. Amakweza wobwerayo popanda kutsitsa mwini ukwati, choncho ndi wotetezeka koposa onse. "Mwachita bwino kubwera" ndi mng'ono wake, wopepukirapo, woyenera anzanu ndi anansi. Kwa amfumu ndi wochepa.

"Mwatithandiza" ndi wa ntchito ndi ndalama. Akaima yekha amazizira, chifukwa timamunenanso kwa munthu amene watilozera njira. Muwonjezereni chinthucho: "mwatithandiza ndi galimoto yotengera abale ku Jali". Pamenepo wafunda.

"Mwatilerera" ndi wa makolo a mbali inayo basi, ndipo palibe wina womuposa pamenepo. "Mwatilerera mwana wamakhalidwe" amathokoza zaka zonse za kulera, amayamikira mkwatibwi kapena mkwati, n'kunenanso kuti mwanayo tsopano ndi wathu tonse. Nthungululu zimalira pamawu amenewa. Yerekezani ndi "mwatipatsa mkazi", amene amamveka kawirikawiri kuchokera kuchimuna. M'midzi yambiri ya Zomba, kwa Ayao, Alomwe ndi Amang'anja, mwambo ndi wachikamwini: mwamuna ndiye amapita kwa mkazi, ndipo ana amawerengedwa ku mbumba ya mayi. Malume a mkwatibwi akamva kuti "mwatipatsa", amamva ngati mwana wachotsedwa m'manja mwawo, ndipo akhoza kukonza mawuwo ikafika nthawi yawo yolankhula, anthu n'kuseka koma kuchimuna nkhope zitagwa. Mawu oyenera kuchimuna m'banja lotere ndi akuti "mwalandira mwana wathu pakhomo panu" kapena "mwamutsegulira khomo". Ngati mabanjawo anayenda mwa chitengwa kapena malowolo, monga zimakhalira mkwati akakhala wochokera kumpoto, "mwatipatsa mtengwa" sakhumudwitsa. Choncho wolankhula afunse ankhoswe mmene zinayendera pa chinkhoswe asanasankhe mawu.

"Mwativeka" ndi "mwatichotsa manyazi" ndi mawu olemera, ndipo ndi oona nthawi zambiri. Amanena kuti tinali pa umphawi, zikanatikanika, inu mwatibisa. Kwa malume amene analipira holo ndalama zitaperewera, mawu amenewa amafika pamtima kuposa ena onse. Koma malo ake ndi pakhonde, anthu awiri kapena atatu, kapena m'kalata yopita kwa iwo okha. Mukawanena pa maiki mwauza asewere anu ndi mudzi wawo wonse kuti kwanu kunalibe kanthu. Amalumewo nawonso amachita manyazi, chifukwa thandizo lawo linali lachinsinsi. Pagulu nenani kuti "amalume atiimirira ngati bambo", kapena "atichitira zazikulu". Iwo adziwa chimene mukutanthauza, ena sadziwa kuchuluka kwake.

"Mwagwira ntchito" ndi wa ophika, okongoletsa, owerengera ndalama za perekaniperekani, anyamata osenza mipando. Amakoma akatsagana ndi chinthu chimene maso anaona, monga kuti amayi anagona pa mafuwa usiku wonse, kapena kuti mpunga wakwanira aliyense mpaka ana. Pewani "mwayesetsa". Wolankhula amaganiza kuti wayamikira, koma ophika amamva kuti anayesa koma sizinafike pake. "Mwaitha" ndi wa anzanu a msinkhu umodzi, mkwati akamathokoza anyamata omuperekeza. M'kamwa mwa nkhoswe sakhalamo.

Pomaliza m'gulu limeneli pali mawu osochera kuchokera kumaliro. "Mwatipukuta misozi", "mwatitonthoza", "mwakhala nafe pa nthawi yovutayi" amatuluka okha m'kamwa mwa akuluakulu amene anazolowera kulankhula pa siwa. Pa ukwati amamveka ngati malodza. Ngati mmodzi mwa akwatiwo ndi wamasiye ndipo mukufuna kuthokoza amene anamulera, nenani kuti "munamutenga ngati wanu wobereka", osakumba za misozi.

Kudalitsa m'malo mothokoza

Njira ina ndi kubweza dalitso: "Mulungu akudalitseni", "Ambuye abwezere pamene mwachotsa". Wachiwiriyu ndi wa ndalama ndi katundu, ndipo ubwino wake ndi wakuti amavomereza kuti woperekayo wataya kanthu, thumba lake lachepa. Pambuyo pa perekaniperekani palibe mawu ena okwana ngati amenewa, chifukwa amafikira woponya K500 ndi woponya K50,000 mofanana. Kwa abusa kapena kwa makolo a mkwatibwi sagwira, popeza chimene iwo anapereka si cha m'thumba chokha.

Dalitso limatsika kuchokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, kapena limayenda pakati pa ofanana. Mkwati wachinyamata akauza agogo kuti "Mulungu akudalitseni" si kulakwa, koma "Mulungu akusungeni, akupatseni masiku ambiri" ndi amene amamukhala bwino.

Ku Zomba n'kovuta kupeza ukwati wopanda Akhristu ndi Asilamu m'holo imodzi, makamaka mabanja akakhala ochokera mbali za Domasi, Songani kapena Malosa. Dzina lakuti Mulungu limalandiridwa ndi onse, chimodzimodzi Namalenga. Ukwati ukakhala wodalitsidwa kutchalitchi, pemphero likhoza kutha m'dzina la Yesu monga mwa nthawi zonse, koma pothokoza mwachindunji abale Achisilamu, "Mulungu akulipireni zabwino" ndi mawu amene iwo omwe amawagwiritsa ntchito ndipo amawalandira ndi mtima wonse. Kuponyapo "sikomo kwejinji" kwa agogo Achiyao, kapena "tawonga chomene" kwa asewere ochokera kumpoto, kumadzutsa m'manja. Kamodzi n'kokwanira. Amene salankhula chinenerocho asapitirire pamenepo, chifukwa chiganizo chachiwiri chimasanduka nthabwala.

"Musatope, ndi mawa lomwe" amafuna kusamala. Ndi mawu enieni a kwathu, amene amanena kuti ubale sukuthera pano. Koma pa ukwati sipalephera wina wofunsa chapansipansi ngati mawa kukhalenso ukwati wina wa anthu omwewa. Wolankhula wochenjera amatseka mpatawo yekha: "musatope, pakhomo pano pakadali azing'ono awo". Anthu amaseka, ndipo tanthauzo lakhala pamalo pake. M'kalata yopita kwa abwana kapena ku bungwe musawalembe, chifukwa papepala amawerengeka ngati pempho lachiwiri.

Kusowa mawu ndi miyambi

"Tasowa chonena", "tilibe nazo mawu", "kuthokoza kwake sitingathe": awa amagwira ntchito kamodzi kokha, ndipo amagwira ngati wolankhulayo atsikadi msanga. Munthu wosowa mawu amene akupitiriza kwa mphindi khumi amadzitsutsa yekha. Asungireni munthu mmodzi amene wachita choposa onse. "Kuchokera pansi pa mtima" anazolowereka moti sapwetekanso khutu, ngakhale kuti saonjezera zambiri. Koma "sitikuzitenga mopepuka", amene wafala m'misonkhano, amamvekabe ngati mlendo m'Chichewa. Agogo a kumudzi amadabwa kuti ndani amafuna kuzipeputsa. "Talandira ndi manja awiri" amanena zomwezo mwa kwathu.

Mwambi umodzi umakwana. "Mutu umodzi susenza denga" ndi wa komiti ndi onse amene anasonkha. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe" ndi wa amene analera kapena kuphunzitsa mwana wosakhala wawo. "Chala chimodzi sichiswa nsabwe" tanthauzo lake ndi lofanana ndi la denga lija, koma anthu ali ndi mbale za mpunga pamiyendo, ndiye nsabwe zisiyeni. "Kupatsa n'kuika" ndi wonena woperekayo. Wolandira akaunena amamveka ngati akuuza anthu kuti anapereka moyembekeza kubwezeredwa. Momwemonso "kangachepe". Amenewa ndi mawu odzichepetsa a wopereka. Wolandira akalemba kuti "tathokoza chifukwa cha kangachepe kanu" wachepetsa mphatso ya mwini wake, ndipo cholakwika chimenechi chimapezeka m'makalata ambiri.

Chitsanzo chimodzi, kuyambira pepala mpaka pa maiki

Tiyerekeze kuti mnyamata wa ku Jali akukwatira mtsikana wa ku Chinamwali. Ukwati wadalitsidwa ku CCAP m'mawa, madyerero ali m'holo masana, mwambo ndi wachikamwini, ndipo agogo a mkwati ndi Ayao Achisilamu. Malume a mkwati apatsidwa mphindi zitatu perekaniperekani atatha. Mphindi zitatu pa maiki, polankhula modekha ndi kudikira m'manja, zimanyamula magulu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, lililonse chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Kuposa apo woyendetsa mwambo amayamba kuyandikira, ndipo omaliza pamndandanda, amene nthawi zambiri amakhala ophika, ndiwo amadulidwa.

Usiku wa dzulo lake amalumewo atenge pepala, aligawe patatu. Kumanzere alembe munthu kapena gulu, pakati chimene wachita, kumanja mawu ake. Danga lapakati likakhala lopanda kanthu, ndiye kuti munthuyo alowe m'gulu la "nonse". Mawu akumanja asabwerezedwe. Mayina aulemu awafunsiretu: kodi ndi a Nyakwawa, a Gulupu kapena Gogo Chalo, ndi Abusa, Bambo Mfumu kapena a Shehe. Kutsitsa mfumu udindo kumafafaniza kuthokoza konse kumene kwatsatira. Kenako awerenge mokweza akuyang'ana wotchi.

Zolankhula zake zikhoza kuyenda chonchi:

"Ulemu wanu nonse. Ndaima pano m'malo mwa banja la kuchimuna. Poyamba tikuyamika Mulungu amene watisunga mpaka kuona tsiku lalero. Tikuwathokoza a Gulupu ndi mafumu onse. Posiya ntchito za mudzi n'kukhala nafe, atilemekeza. Abusa ndi akuluampingo, mwawalangiza anawa ndi kuwamangitsa ukwati woyera, takuthokozani.

"Asewere athu a ku Chinamwali, mwatilerera mwana waulemu, ndipo mwana wathu mwamulandira pakhomo panu ngati wanu. Apa pokha mawu atichepera. Tikukuyamikani. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri, mapazi anu ndiwo atifikitsa pano. Agogo athu amene mwachokera ku Jali m'bandakucha, sikomo kwejinji, Mulungu akulipireni zabwino.

"Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. A komiti, dengali mwasenza ndinu. Amayi a Mvano ndi amayi onse amene mwagona pa moto kuyambira dzulo, mwagwira ntchito, ndipo tonse tadya takhuta. Inu nonse amene mwavina ndi kufupa ana athuwa, Ambuye abwezere pamene mwachotsa. Musatope, azing'ono awo akadalipo. Tathokoza."

M'mawu onsewa zikomo wa Chichewa sanatuluke n'kamodzi komwe, ndipo palibe amene angadandaule kuti sanathokozedwe. Onani pamene kusowa mawu kwaikidwa: pa asewere okha. Palibe ndalama yatchulidwa, palibe dzina la wopereka zambiri. Mukangotchula kuti auje anapereka mbuzi, azakhali amene anapereka nkhuku ziwiri amayamba kuwerenga mayina, ndipo amene wasiyidwa amakumbukira zaka. Potchula magulu, munthu aliyense amadzipeza yekha m'gulu lake. Mayina asungidwire makolo, ankhoswe ndi mlendo wolemekezeka ngati alipo.

Thupi nalo limalankhula. Pofika pa asewere, wolankhula atembenukire kumene akhala, atsitse mawu, awerame pang'ono. Ngati akwatiwo ndiwo akuthokoza makolo, kugwada ndi kuomba m'manja mwaulemu kumachita zimene mawu sangachite, ndipo pamenepo "tathokoza, amayi" wamfupi amakwana.

Zikafika papepala

Kalata ilibe m'manja kapena nthungululu zoithandiza, choncho mawu okuluwika amene amakoma pa maiki amaoneka opanda kanthu akalembedwa. Chimene chimapatsa kalata moyo ndi kutchula chinthucho ndi ntchito imene chinagwira. Apa lamulo la pa maiki latembenuka: zimene munabisa pagulu, m'kalata zinenedwe.

Kwa munthu wapafupi, kalata yamchezo ya ziganizo zinayi kapena zisanu ikwana:

"Okondedwa Azakhali, tikhulupirira munayenda bwino pobwerera ku Domasi. Talemba kuti tikuyamikeni chifukwa cha matumba awiri a mpunga amene munatumiza. Ndi umene alendo onse anadya, ndipo wina unatsala woyambira banja. Munativeka, azakhali. Mulungu abwezere pamene munachotsa. Ife ana anu."

"Munativeka" uja amene tinamukaniza pa maiki wapeza malo ake. Onaninso kuti nthawi yasintha: m'holo ndi "mwatithandiza", m'kalata yolembedwa patapita masiku ndi "munatithandiza". Ambiri amakopera mawu a pa maiki osasintha, kalata n'kumamveka ngati ukwati ukadali mkati.

Pa ndalama za munthu payekha pali njira ziwiri. Kutchula chiwerengero kumatsimikizira woperekayo kuti zonse zinafika, zomwe n'zofunika ngati ndalamazo zinadzera mwa munthu wina kapena pa Airtel Money ndi Mpamba. Kutchula ntchito yake, monga "ndalama munatumiza zija ndi zimene tinalipirira keke", kumafunda kwambiri ndipo sikuchititsa manyazi amene anapereka zochepa. Njira yabwino ndi kutsimikiza chiwerengero pa foni tsiku lomwe zafika, kalata n'kunena za ntchito yake.

Kwa abwana, ku ofesi, ku mpingo kapena ku bungwe, kalata ikhale yantchito: keyala yanu, tsiku, keyala ya wolandira, malonje, mutu, thunthu ndi mathero. Malonje ndi "Olemekezeka Bwana" kapena "Okondedwa Abusa". Mutu ungakhale "KUTHOKOZA CHIFUKWA CHA THANDIZO PA UKWATI WATHU". Muno chiwerengero ndi tsiku zilembedwe, chifukwa kalatayo imasungidwa m'failo ndipo msungichuma amaifuna ngati umboni:

"Ine ndi mkazi wanga tikuthokoza inu ndi antchito anzanga onse chifukwa cha K150,000 imene munasonkha, yomwe tinalandira ukwati usanachitike. Ndalamayi inatithandiza kulipira holo. Tikuthokozanso potipatsa tchuthi, komanso potumiza nthumwi zimene zinatilemekeza pa tsikulo. Chonde mutithokozere kwa onse amene anatengapo mbali."

"Mutithokozere" ndi mawu othandiza kwambiri m'kalata zopita ku gulu, kaya ndi ofesi, kwaya, mlaga kapena mphakati, chifukwa amapatsa wolandirayo ntchito yoiwerenga pamaso pa anzake. Mathero ake ndi "Ine wanu" kapena "Ndine wanu wokhulupirika", dzina lonse pansi. Miyambi, "mwativeka" ndi "tasowa chonena" zisalowe m'kalata yantchito. Dalitso lalifupi limaloledwa ku mpingo. Ku ofesi onani mmene anthu ake alili.

Kalata zituluke pasanathe milungu iwiri kapena itatu, anthu akadakumbukira. Kuti zitheke, pa tsiku la ukwati pakhale munthu mmodzi wolemba m'kope dzina la wopereka ndi mphatso yake asanaiike pamulu, chifukwa makhadi amathothoka pa mapepala okutira ndipo mawa lake simudziwanso mwini mapoto ndi mwini bulangete. Kuthokoza munthu chifukwa cha mphatso ya wina n'koipa kuposa kungoti "mphatso yanu". Ngati kopelo lasokonekera, lembani za kubwera kwake, "munatilemekeza pokhala nafe", n'kuwonjezera "mphatso yanu tinailandira ndi manja awiri".

Uthenga umodzi wotumizidwa pa gulu la WhatsApp la komiti ndi wabwino tsiku lotsatira ukwati, koma sulowa m'malo mwa kalata kwa amene anasenza zolemera. Ndipo pali anthu ena amene pepala lililonse limawachepera: makolo a mbali zonse, ankhoswe, amalume eni mbumba ndi amfumu. Amenewa amapitiridwa pakhomo, akwati onse awiri, atanyamula kenakake monga nkhuku, shuga kapena chitenje cha amayi. Kwa amfumu musapite nokha; ankhoswe kapena amalume atsogole ndipo ndiwo ayambe kulankhula, inu n'kuwonjezera mawu ochepa akakupatsani mpata.